Kalata ya chenjezo lomaliza yochokera kwa mwininyumba

Kalata ya chenjezo lomaliza ndi kalata imene mwininyumba, kapena kuti landilodi, amalembera munthu wochita lendi amene waphwanya pangano la lendi kangapo ngakhale anachenjezedwa kale. Kalatayi imatchula zolakwazo chimodzichimodzi, imanena zimene wochita lendiyo ayenera kukonza ndi tsiku lomaliza lokonzera, ndipo imafotokoza njira ya malamulo imene mwininyumba adzatsate ngati palibe chasintha. Anthu ambiri amangoitchula kuti notisi, koma ndi yosiyana ndi notisi yotulutsa munthu m'nyumba. Chenjezo lomaliza limasiya khomo lotsekula kuti pangano lipitirire, pamene notisi yotulutsa imalengeza kuti pangano latha kapena litha pa tsiku lakutilakuti.

Nkhaniyi ikufotokoza mmene kalata yotereyi imagwirira ntchito m'Malawi, makamaka m'mbali mwa nyanja m'boma la Salima.

Malo a lendi m'mbali mwa nyanja ku Salima

Boma la Salima lili m'chigawo chapakati, ndipo gombe lake lodziwika kwambiri ndi Senga Bay, m'dera la Mfumu Yaikulu Maganga, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa boma. Kuyandikira kwake ndi mzinda wa Lilongwe kumachititsa kuti kumapeto kwa sabata ndi pa maholide kudzadze alendo. Kuderali kuli nyumba zochitira tchuthi za anthu okhala m'tauni, malo ogona alendo, nyumba za ogwira ntchito m'mahotela, ndiponso zipinda ndi mashopu ochititsa lendi pafupi ndi madoko a asodzi. Kum'mwera kuli doko la Chipoka, nakonso kuli lendi ya mtundu womwewo.

Mikangano ya lendi ya kunyanja ili ndi maonekedwe akeake. Ndalama za asodzi ndi ogula nsomba zimayendera nyengo. Mphepo ya mwera ikalimba m'miyezi yozizira, mabwato sapita pa nyanja masiku ambiri ndipo lendi imachedwa. Nyumba yokhalamo imasanduka malo a bizinesi mosavuta: pabwalo pamamangidwa thandala loyanikira usipa, kuseri kumaikidwa uvuni wowambira nsomba, kapena chipinda chimodzi chimaperekedwa kwa alendo olipira pa Isitala ndi pa Khirisimasi. Eninyumba ambiri sakhala pafupi, ndipo zimene zikuchitika amazimva kwa mlonda kapena kwa oyandikana nawo. Zimenezi zimakhudza kwambiri mmene kalata iyenera kulembedwera, chifukwa zomva kwa ena n'zosiyana ndi zimene munthu angathe kutsimikizira pa bwalo la milandu.

Palinso lendi ya mtundu wina. Malo ambiri a m'mphepete mwa nyanja ali pa lizi yochokera ku boma, yomwe imatha kufika zaka 99, ndipo pamenepo landilodi ndi boma kudzera mwa nduna ya za malo. Mwini lizi akalephera kulipira lendi ya nthaka kapena kutukula malowo monga anagwirizana, unduna umatsata njira zake pansi pa Lamulo la Malo la 2016. Nkhani ino siyikunena za zimenezo, koma za lendi ya pakati pa anthu wamba.

Zimene malamulo amanena

Poyambira penipeni ndi pangano la anthu awiriwo, lolembedwa kapena lapakamwa. Kenako pamabwera malamulo a dziko. Lamulo la Malo Olembetsedwa la 1967 ndi limene limafotokoza nkhaniyi mwatsatanetsatane. Limagwira ntchito pa malo okhawo amene analembetsedwa pansi pake, ndipo nyumba zambiri za m'midzi ya kunyanja, zomangidwa pa malo a makolo, sizili m'gulu limeneli. Komabe mfundo zake n'zofanana ndi za malamulo a ku Mangalande amene Malawi anatengera kuchokera m'nthawi ya atsamunda, choncho kalata yolembedwa motsata mfundozi imakhala yolimba paliponse.

Lamuloli limapatsa mwininyumba ufulu wothetsa lendi nthawi yake isanakwane ngati wochita lendi waphwanya pangano. Koma ufuluwu sugwira ntchito mpaka mwininyumba atapereka chidziwitso chotchula cholakwacho mwachindunji, chopempha kuti chikonzedwe m'nthawi yoyenera ngati n'chokonzeka, ndiponso chopempha chipukuta misozi cha ndalama ngati cholakwacho si cha kusalipira lendi. Wochita lendi akalephera kukonza m'nthawiyo, m'pamene mwininyumba angapitirire. Mfundo imeneyi inayambira m'lamulo la ku Mangalande la 1881, lomwe linapangidwa pofuna kuletsa eninyumba kulanda lizi ya mtengo wapatali pa zolakwa zazing'ono zimene munthu akanatha kukonza. Chenjezo lomaliza lolembedwa bwino limakwaniritsa ntchito ya chidziwitso chimenechi.

Lamulo lomweli limanenanso njira ziwiri zokha zotengeranso nyumba. Ngati m'nyumbamo mulibe aliyense, mwininyumba angalowe n'kuitenga. Ngati muli munthu, njira yake ndi ya kukhoti. Kuchotsa zitseko, kufumula malata, kusintha loko munthu atapita kunyanja kapena kutaya katundu panja sizili m'njira ziwirizi, ndipo mwininyumba wochita zimenezi akhoza kulamulidwa kulipira ngakhale zitakhala kuti wochita lendiyo analidi ndi ngongole.

Nkofunika kusiyanitsa pangano la nthawi yoikika ndi lendi ya mwezi ndi mwezi. Lendi ya mwezi ndi mwezi, yopanda tsiku lothera, aliyense mwa awiriwo angaithetse popanda kupereka chifukwa, bola apereke notisi yosachepera mwezi wathunthu ndipo yothera pa tsiku lolipira lendi. Ngati lendi imalipidwa pa 1 ndipo notisi yaperekedwa pa 10 Julayi, tsiku loyenera kuthera si 10 Ogasiti kapena 1 Ogasiti, koma 1 Seputembala. Apa ndi pamene eninyumba ambiri amaphonya. Kumene lendi imalipidwa ya miyezi itatu nthawi imodzi, monga zimachitikira kawirikawiri, pangabuke mkangano woti notisi nayonso iyenera kukhala ya miyezi itatu. Pa lendi yotereyi chenjezo lomaliza ndi nkhani ya chilungamo ndi ubale kuposa ya lamulo. Koma pa pangano la chaka chimodzi kapena ziwiri, mwininyumba sangangoti munthu atuluke, ndipo kalatayi imakhala maziko a mlandu wake wonse.

Chitsanzo

Tiyerekeze kuti mayi wina wokhala ku Lilongwe wachititsa lendi nyumba yake ya zipinda zitatu ku Senga Bay kwa bambo wogula ndi kugulitsa nsomba. Pangano ndi lolembedwa, la kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 31 Disembala 2025. Lendi ndi K150,000 pa mwezi, yolipira pa 1. Ndime 4 ikuti nyumbayo ndi yokhalamo basi. Ndime 6 ikuletsa kuchititsa lendi kwa munthu wina kapena kugoneka alendo olipira popanda chilolezo cholembedwa.

Lendi ya Malichi inafika pa 22, ya Epulo pa 19. Pa Isitala, kuyambira pa 18 mpaka pa 21 Epulo, m'zipinda ziwiri munagona alendo olipira. Mayiyo analemba chenjezo loyamba pa 25 Epulo. Lendi ya Meyi inalipidwa pa nthawi yake ndipo iye analandira. Mu Juni munalowa K90,000 yokha, pa 4. Pa 12 Juni mayiyo atapita kukaona nyumba, anapeza uvuni wowambira nsomba pafupi ndi khonde, khoma litada ndi mwaye, ndipo analemba chenjezo lachiwiri tsiku lotsatira. Lendi ya Julayi sinalipidwe, ndipo pa holide yokumbukira ufulu, kuyambira pa 5 mpaka pa 7 Julayi, alendo olipira anagonanso m'nyumbamo.

Asanalembe, mwininyumbayu ayenera kupeta zimene ali nazo. Ngongole ndi K60,000 yotsala ya Juni kuphatikiza K150,000 ya Julayi, zonse K210,000, ndipo umboni wake uli m'mauthenga a Mpamba kapena Airtel Money ndi m'buku la malisiti. Kuchedwa kwa Malichi ndi Epulo ndi mbiri chabe, chifukwa ndalamazo zinalipidwa. Uvuni anauona yekha ndipo anajambula. Za alendo a mu Julayi anamva kwa mlonda, choncho ayenera kufunsa ngati mlondayo anaonadi ndalama zikuperekedwa kapena ngati pali uthenga wotsatsa zipindazo. Abale obwera kudzacheza si alendo olipira, ndipo kalata yonena motsimikiza chinthu chimene mwini wake sangachitsimikizire imafooketsa ndi mfundo zina zoona zomwe.

Pali chinthu chinanso chimene chiyenera kusiyidwa. Tiyerekeze kuti mpanda wa kunyanja unagwa. Mu 2024 madzi a nyanja ya Malawi anakwera kwambiri n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ambiri m'maboma a Salima, Nkhotakota ndi Mangochi. Mpanda wogwa ndi mafunde si mlandu wa wochita lendi, ndipo kuuika m'kalata kumangoonetsa kuti mwininyumba akufunafuna zifukwa.

Kalata yake ingalembedwe motere, pansi pa tsiku la 10 Julayi 2025, maina a anthu awiriwo ndi malo amene nyumbayo ili:

"Bambo, ndikukulemberani za pangano lathu la lendi la pa 1 Januwale 2025. Ili ndi chenjezo lomaliza, kutsatira makalata anga a pa 25 Epulo ndi pa 13 Juni. Choyamba, muli ndi ngongole ya lendi ya K210,000, yomwe ndi K60,000 ya Juni ndi K150,000 ya Julayi. Chachiwiri, pa 12 Juni ndinapeza uvuni wowambira nsomba pafupi ndi khonde, zomwe zikusemphana ndi ndime 4, ndipo utsi wake wadetsa khoma. Chachitatu, kuyambira pa 5 mpaka pa 7 Julayi munagoneka alendo olipira popanda chilolezo changa, zomwe zikusemphana ndi ndime 6. Ndikukupemphani kuti pofika pa 31 Julayi 2025 mukhale mutalipira K210,000, mutachotsa uvuniwo, mutapentetsa khomalo kapena kulipira K85,000 malinga ndi mtengo wa wopenta umene ndaphatikiza, ndiponso mutandilembera kuti simudzagonekanso alendo olipira. Ndidzabwera kudzaona nyumbayo pa 2 Ogasiti m'mawa, nthawi ya 10 koloko. Ngati zimenezi sizichitika, ndidzapita kukhoti kukapempha kuti pangano lithe, nyumba ibwerere kwa ine ndipo ngongole ilipidwe. Ngati mukuona kuti pali cholakwika m'mawerengedwe anga kapena m'zimene ndalemba, ndidziwitseni ndi umboni wanu tsikulo lisanafike. Muli ndi ufulu wofunsa malangizo kwa loya."

Kalatayi ndi yaifupi, ndipo n'zoyenera kutero. Imalembedwera anthu awiri: wochita lendi, amene ayenera kudziwa chochita popanda kufunsanso, ndi woweruza, amene mwina adzaiwerenga patapita miyezi asakudziwa aliyense wa iwo. Mawu oti "mwakhala mukundivutitsa kuyambira kale" sathandiza aliyense mwa awiriwa. Tsiku, ndime ya pangano ndi kuchuluka kwa ndalama ndi zimene zimathandiza.

Nthawi yokonzera iyenera kulingana ndi ntchito yake. Ngati pangano latchula masiku, amenewo ndi amene amatsatidwa. Ngati silinatchule, funso ndi lakuti munthu wofunadi kukonza angafune nthawi yaitali bwanji. Kusiya kugoneka alendo kungachitike tsiku lomwelo, koma kugumula uvuni, kupeza malo ena owambira ndi kupenta khoma kumafuna masabata. Masiku 21 a m'chitsanzochi ndi ovuta kuwatsutsa. Maola 24 amene amapezeka m'makalata olembedwa mtima uli m'mwamba ndi ovuta kuwaikira kumbuyo. Ndi bwinonso kulemba tsiku lenileni m'malo mongoti "pasanathe masabata atatu", kuti pasadzakhale kukangana za tsiku loyambira kuwerenga.

Msampha wa kulandira lendi

Mfundo imene imadabwitsa eninyumba ambiri ndi iyi. Mwininyumba akadziwa za cholakwa, kenako n'kulandira lendi ya mwezi wobwera pambuyo pa cholakwacho, malamulo amamutenga ngati wavomereza kuti pangano likupitirira, ndipo ufulu wothetsa pangano chifukwa cha cholakwa chimenecho umatha. Maganizo ake ndi akuti munthu sanganene kuti lendi yatha kwinaku akudya ndalama za lendi yomweyo.

M'chitsanzo chija, mayiyo anadziwa za alendo a pa Isitala, kenako analandira lendi ya Meyi. Choncho nkhani ya pa Isitala singakhalenso chifukwa chothetsera pangano, ngakhale ikhoza kutchulidwa posonyeza kuti cholakwacho ndi chobwereza. N'chifukwa chake kalatayo yatsamira pa alendo a mu Julayi. Uvuni uli m'gulu lina, chifukwa ndi cholakwa chopitirira: tsiku lililonse umene ukugwiritsidwa ntchito, pangano likuphwanyidwanso. Lendi ya Juni ndi ya Julayi inayenera kulipidwa alendo a pa 5 Julayi asanabwere, choncho kuifunsa kapena kuilandira sikufafaniza nkhani ya alendowo. Yoopsa ndi ya Ogasiti. Ngati pofika pa 31 Julayi palibe chakonzedwa ndipo mayiyo walandira lendi ya Ogasiti, wochita lendi akhoza kunena kukhoti kuti chenjezo lija linafa.

Masiku ano vutoli lakula chifukwa ndalama zimalowa pa foni munthu asanafunsidwe. Mwininyumba amene akufunadi kuthetsa pangano ayenera kuonetsa msanga kuti ndalamazo wazitenga ngati chiyani. Zikakhala zosaposa ngongole yakale, alembe lisiti yonena kuti ndi za Juni ndi Julayi. Zikakhala za mwezi watsopano, njira yosakayikitsa ndi kuzibweza n'kusunga uthenga wake. Kungolemba pa lisiti kuti "kulandira uku sikuchotsa ufulu wanga" sikuteteza nthawi zonse. Pansi pa Lamulo la Malo Olembetsedwa, mlandu ukangoyambika kukhoti, kulandira lendi sikutengedwanso ngati kusiya ufuluwo.

Kunena zoona, eninyumba ambiri safuna kuti munthu atuluke, amangofuna ndalama zawo ndi kuti nyumba isamalidwe. Kwa oterewa kulandira lendi ya Ogasiti si vuto. Vuto limabwera pamene munthu walemba "chenjezo lomaliza" kachitatu kapena kachinayi, mwezi uliwonse akulandira lendi. Pofika pamenepo mawu oti "lomaliza" alibenso tanthauzo, kwa wochita lendi ngakhalenso kukhoti.

Malire a chilankhulo

Kalata ikhoza kukhala yolimba popanda kunyoza. Chimene chimasiyanitsa chenjezo ndi chiopsezo ndi chinthu chimene wolembayo akulonjeza kuchita. Kunena kuti "ndidzapita kukhoti" ndi chenjezo, chifukwa munthu ali ndi ufulu wopita kukhoti. Kunena kuti "ndidzabwera ndi anyamata", "muona zakuda" kapena "ndili ndi abale ku batalioni" ndi chiopsezo, ndipo malamulo a milandu ya upandu a dziko la Malawi amaletsa kuopseza munthu, kugwiritsa ntchito mawu achipongwe amene angayambitse chisokonezo, kulowa pa malo mwa mphamvu ndi kuwononga katundu wa wina. Kuopseza kuti munthu amangidwa chifukwa cha ngongole ya lendi nakonso n'kusocheretsa, popeza ngongole yotere ndi mlandu wa pakati pa anthu awiri, osati wa upandu.

Mawu ena amaoneka ngati achizolowezi koma ali ndi zotsatira. Kutchula munthu kuti wakuba kapena hule, makamaka m'kalata imene ena aiona, kungabweretse mlandu woipitsa mbiri. Kumunena kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la za ufiti la 1911. Kuderali kumakhala Achewa, Ayao, Atonga ndi anthu a mitundu ina, Asilamu ndi Akhristu, ndipo mawu onga "anthu a kwanuko ndinu otero" alibe malo m'kalata. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limateteza ulemu wa munthu, gawo 20 limaletsa tsankho, ndipo gawo 21 limateteza chinsinsi cha munthu ndi nyumba yake. Matenda a wochita lendi, banja lake ndi amene amabwera kudzamuona si nkhani ya mwininyumba pokhapokha ngati zikukhudza ndime yeniyeni ya pangano. Kugwiritsa ntchito ngongole ya lendi pofuna chibwenzi kwa mayi wochita lendi ndi nkhanza zimene Lamulo la Kusasiyanitsa pakati pa Amuna ndi Akazi la 2013 limaletsa.

Nkhanza sizikhala m'mawu mokha. Kumata kalata pa geti kuti aliyense wodutsa awerenge, kuiika pa gulu la WhatsApp la m'mudzi, kapena kutumiza mauthenga ambirimbiri usiku ndi njira zochititsa munthu manyazi, ndipo lamulo la 2016 loona za mauthenga a pa makina ndi chitetezo cha pa intaneti limaletsa kuzunza munthu kudzera pa foni kapena pa kompyuta. Chimodzimodzinso kutseka madzi kapena kudula waya wa magetsi pa nyumba zogawana mita imodzi pofuna kuti munthu atope n'kuchoka yekha. Malinga ngati pangano lidakalipo, wochita lendi ali ndi ufulu wokhala mwamtendere, ndipo mwininyumba amalowa kukayendera pa nthawi yoyenera atadziwitsa kaye. N'chifukwa chake kalata ya m'chitsanzo yatchula tsiku ndi ola loyendera.

Kulanda katundu ndi kumene kumachitika kwambiri kunyanja, chifukwa injini ya boti, ukonde kapena matumba a usipa zimaoneka ngati chikole chapafupi. Kugwira katundu chifukwa cha ngongole ya lendi kulipo m'malamulo a Malawi, koma kumadutsa ku ofesi ya asherifu, osati m'manja mwa landilodi ndi mlonda wake. Komanso injini ndi ukonde nthawi zambiri sizikhala za wochita lendiyo, ndipo kumulanda zipangizo zopezera ndalama n'kudzitsekera njira yolandirira ngongole.

Kapereke ka kalata

Kalata imene sinafike ili ngati sinalembedwe. Ngati pangano latchula njira yoperekera zidziwitso, imeneyo ndi yoyenera kutsata. Kupanda apo, njira yodalirika m'midzi ya kunyanja, kumene makalata sagawidwa khomo ndi khomo, ndi kupereka pamanja. Amalemba makope awiri, wochita lendi amasaina ndi kulemba tsiku pa kope limodzi, ndipo limenelo limatsala ndi mwininyumba. Kusaina kumangotanthauza kuti kalata yalandiridwa, osati kuti munthuyo wavomera mlandu, ndipo kumuuza zimenezi kumachepetsa kukana. Akakanabe, wopereka kalata ndi mboni yake amalemba pa kopelo tsiku, nthawi ndi zimene zinachitika. Kusiyira mwana kapena mlendo wopezeka pakhomo si njira yabwino. Chithunzi cha kalatayo chingatumizidwenso pa foni ya wochita lendi yekhayo ngati chowonjezera.

Chilankhulo nachonso n'chofunika. Mapangano ambiri amalembedwa m'Chingerezi, koma chenjezo limene munthu sakulimva silingamuthandize kukonza kalikonse. Kulemba m'Chichewa, kapena kuphatikiza makope a zilankhulo zonse ziwiri, n'kwanzeru. Kwa amene satha kuwerenga, kalata imawerengedwa pamaso pa mboni ya kufuna kwake, ndipo ngati amamva bwino Chiyao imatanthauziridwa.

M'madera a mafumu anthu ambiri amayamba atengera nkhaniyi kwa nyakwawa. Izi zimathandiza, makamaka pamene pangano linali lapakamwa, chifukwa pamaso pa mfumu anthu awiriwo amavomerezana kuti lendi inali zingati ndipo ngongole yafika pati. Zimene agwirizana zikalembedwa n'kusainidwa, zimakhala umboni wabwino. Ntchito ya bwalo la mfumu pa nkhani yotere ndi kuyanjanitsa, ndipo silitenga malo a khoti pamene munthu akukana kutuluka.

Tsiku likakwana

Wochita lendi akakonza zonse, chenjezolo lagwira ntchito yake ndipo pangano limapitirira. Mwininyumba angalembe kalata yaifupi yotsimikizira kuti ngongole yatha ndipo uvuni wachotsedwa. Akakonza zina n'kusiya zina, mwachitsanzo walipira K150,000 n'kuchotsa uvuni koma K60,000 yatsala, mwininyumba ayenera kusankha. Akafuna kupereka nthawi ina, alembe ndondomeko ya kalipiridwe yokhala ndi masiku ake, ndipo onse awiri asaine. M'nyengo ya mwera ndondomeko yotereyi nthawi zambiri imabweza ndalama msanga kuposa mlandu.

Ngati palibe chasintha, mwininyumba amakasuma. Khoti loyenera limadalira kukula kwa ndalama ndi mtundu wa nkhani, ndipo alembi a ku khoti la majisitireti ku Salima amatha kulongosola koyambira. Wosuma amatenga pangano, makalata onse atatu ndi umboni woti anafika, mauthenga a ndalama, zithunzi ndi mboni zake. Wochita lendi nayenso amamvedwa. Akhoza kutsutsa mawerengedwe, kunena kuti mwininyumba analandira lendi atadziwa kale cholakwacho, kapena kupempha khoti kuti lisathetse pangano popeza ali wokonzeka kulipira ndi kukonza. Khoti lili ndi mphamvu yomupatsa mwayi umenewu pa mfundo zimene laona kuti n'zoyenera, ndipo poganizira zimenezi limayang'ana khalidwe la mbali zonse ziwiri, kuphatikizapo mmene makalata analembedwera. Amene alibe ndalama zolipira loya, kaya ndi mwininyumba kapena wochita lendi, angapemphe thandizo ku bungwe la boma lopereka maloya kwa anthu osowa.

Khoti likalamula kuti nyumba ibwezedwe ndipo munthu akukanabe kutuluka, amene amakwaniritsa chigamulocho ndi asherifu. Dipoziti, ngati inalipo, imawerengedwa pomaliza: mwininyumba amachotsapo ngongole ndi mtengo wa zowonongeka zimene ali ndi umboni wake, monga K85,000 ya penti ija, amapereka mawerengedwewo molemba, ndipo yotsalayo amabweza.